Tsatirani belo limodzi la shuga: zowononga 7 za m'depoti ya katundu

Mukalowa m'depoti yotanganidwa cha m'ma 10 koloko m'mawa mupeza aganyu ali thukuta kamukamu, fokolifiti ikulira pobwerera m'mbuyo, kalaliki akuthamanga ndi mapepala, madalaivala akuliza mahutala pageti. Bwana akaona zimenezi mtima umakhala pansi, amati ntchito ikuyenda. Maso amanamizika mosavuta pamenepa. Pa zonse zikuchitikazo, ndi ziti zimene mwini golosale wa ku Mangochi angavomere kulipira atazionera yekha? Iye akufuna mabelo 40 a shuga, ouma, osaphulika, afike Lachitatu monga analonjezedwa. Sakulipira kuti belo lake linyamulidwe ka 9 lisanakwere lole, ngakhale kuti mtengo wa kunyamula konseko umakathera pa iye yemweyo.

## Kumene mndandandawu unachokera

Amene anasanja zowononga 7 ndi Taiichi Ohno, injiniya wa kampani ya Toyota ku Japan. Buku lake lofotokoza kapangidwe ka zinthu ku Toyota linatuluka m'Chijapani mu 1978, ndipo la Chingerezi linatsatira mu 1988. Iye ankagwiritsa ntchito mawu akuti muda, kutanthauza chilichonse chodya nthawi, mphamvu, malo kapena ndalama koma osawonjezera kanthu kamene wogula akufuna. Anazitchula motere: kupanga zinthu zisanafunike, kudikira, kusamutsa katundu, kuchita ntchito yopitirira muyeso, kusunga katundu wochuluka, kuyendayenda kwa munthu, ndi zolakwika. Ofufuza a ku America anadzaitcha njira yonseyi kuti lini, mawu amene m'Chingerezi amanenera nyama yopanda mafuta.

Ohno ankanena za fakitale ya magalimoto. M'depoti simupangidwa chilichonse, ndipo kunyamula ndi kusunga ndiyo ntchito yake yeniyeni. Nchifukwa chake anthu ambiri a m'madepoti amati mndandandawu suwakhudza. Umawakhudza ndithu, bola tiyambe tagwirizana za ulendo waufupi kwambiri umene belo lingayende. Litsike mulole kukhala papaleti, paleti ipite pamalo pake, belo lichoke pamalopo kupita papaleti ya oda, kenako likwere lole yopita kwa kasitomala. Kunyamula ka 4. Chilichonse choposa pamenepo chiyenera kufotokoza chifukwa chake.

Kuti nkhani igwirike, tiyerekeze depoti ya holoselo ya mtundu umene umapezeka ku Limbe kapena ku Kanengo. Ili ndi khomo limodzi lolandirira katundu, lina lotulutsira, fokolifiti imodzi, aganyu 8 ndi anyamata 4 otola maoda. Lero kwabwera lole ya matani 30 a shuga. Ndiwo mabelo 1,500 a makilogalamu 20, ndipo paleti imodzi ikatenga mabelo 50, akufunika mapaleti 30. Manambala onse a depotiyi ndi oyerekeza, inu mudzaikamo anu.

## Imani malo amodzi, mutsate katundu

Ohno ankadziwika ndi chizolowezi chojambula bwalo ndi choko pansi m'fakitale, n'kuimika munthu m'menemo maola ambiri kuti angoyang'ana. M'depoti njira imeneyi imagwira ntchito bwino mukaiphatikiza ndi pepala. Sankhani belo limodzi mulole, mulilembe chizindikiro chofiira, ndipo mumatepo pepala. Aliyense wolikhudza, kapena wosuntha paleti imene lakhalapo, alembe nthawi ndi kumene walipititsa. Pepalalo lidzachoke tsiku limene belo likukwera lole.

Musanayambe, auzeni anthu kuti mukutsata belo, simukutsata iwo. Mukapanda kutero aliyense adzayamba kuthamanga mukamuyang'ana, ndipo tsiku limenelo silidzafanana ndi masiku ena onse. Komanso mukayang'ana anthu mudzaona otanganidwa okhaokha. Belo ndi limene lidzakuonetseni kuti maola ambiri limangokhala pansi.

## Pakhomo lolandirira: kudikira

Lole ya shuga yafika 7:30 m'mawa, koma yapeza ina ya mchere ndi ina ya mafuta ophikira zili kale pamzere. Palibe amene anauza otumiza katundu nthawi yobwera, choncho onse amabwera m'mawa, ndipo masana khomo limakhala lopanda kanthu. Shuga wafika pakhomo 10 koloko. Apa aganyu 8 akhala pamthunzi mphindi 40 chifukwa kalaliki sakupeza oda imene depoti inatumiza kwa wogulitsa, ndipo amene angavomereze kutsitsa popanda pepalalo ali kubanki. Anthu 8 kuchulukitsa ndi mphindi 40 ndi maola 5 ndi mphindi 20 a ntchito ya munthu, atayika lole isanatsegulidwe n'komwe.

Kudikira kwa anthu n'kosavuta kukuona, ndipo n'kumene akapitawo amadana nako kwambiri. Kudikira kwa katundu n'kobisika. Shuga akatsika 12 koloko koma n'kulowetsedwa mukompyuta mawa lake, wogulitsa wa kutsogolo adzauza kasitomala kuti shuga kulibe, pamene mabelo 1,500 ali pansi pakhomo. Kuti mugwire kudikira kwa mitundu iwiriyi, lembani nthawi 4 pa lole iliyonse kwa sabata imodzi: yofika pageti, yoyamba kutsitsa, yomaliza kutsitsa, ndi nthawi imene katunduyo waonekera m'kaundula ali pamalo pake. Kawirikawiri kutsitsa kwenikweni ndi kachigawo kochepa pa nthawi yonseyo.

## Kutsitsa pansi, kenako kukweza papaleti

Mapaleti opanda kanthu apezeka 6 okha. Kapitawo sakufuna kuti dalaivala azidandaula, ndiye akuti: "Tsitsani pansi kaye, anyamata, tidzakweza madzulo." Mawu akuti "kaye" amenewa muziwatchera khutu. Paliponse pamene mwawamva m'depoti, pali kunyamula kwina kumene kwabadwa.

Tiwerengere. Kuwerama, kutola belo pansi ndi kulisanja papaleti kutenge masekondi 15. Mabelo 1,200 amene sanapeze paleti adya masekondi 18,000, amene ndi maola 5 a ntchito ya munthu. Mapaleti akadzaza, malo a shuga apezeka kuti muli katundu wina, ndiye fokolifiti ikuwasiya m'kanjira kapakati. Mawa lake munthu akufuna makatoni a machesi amene atsekeredwa kumbuyo, paleti ikusunthidwa. Tsiku lachitatu malo apezeka, ikusunthidwanso. Pepala la pabelo lathu likusonyeza kuti lanyamulidwa kale ka 5, pamene pofika apa kukanakwana kawiri.

Uku ndiko kusamutsa katundu kumene Ohno ankanena. Zizindikiro zake zimaoneka ngakhale usiku kulibe munthu: mapaleti oima m'tinjira, mizere yakuda ya matayala a fokolifiti yobwerezabwereza pamalo amodzi, ndi shuga womwazika pansi kutali ndi kumene shuga amakhala. Masana yang'anani mafoloko a fokolifiti. Pa maulendo 20, ndi angati imene yayenda itanyamula paleti yopita kumalo ake enieni kapena yopita kulole? Otsalawo ndi mafuta opsa pachabe.

## Katundu wochuluka, mayi wa zowononga zambiri

Chifukwa chiyani mapaleti anasowa, nanga malo a shuga anadzaza ndi chiyani? Yankho lili pakona pamene pali makatoni 2,400 a sopo wa mtundu wina, amene anagulidwa miyezi iwiri yapitayo chifukwa wogulitsa anatsitsa mtengo kwa ogula ochuluka. Pa makatoni 60 paleti iliyonse, sopoyo wakhalira mapaleti 40 ndi malo 40.

Muyeso wothandiza apa ndi wa masiku. Gawani katundu amene alipo ndi amene amatuluka pa tsiku. Shuga amatuluka mabelo 300 pa tsiku, ndiye mabelo 1,500 ndi a masiku 5. Sopo uja amatuluka makatoni 20 pa tsiku, ndiye makatoni 2,400 ndi a masiku 120. Chitani chiwerengero chimenechi pa mtundu uliwonse wa katundu, musanje kuyambira wa masiku ambiri. Mayina 10 apamwamba pamndandandawo ndi amene adya malo anu. Ngati kompyuta mulibe, chala chimathandiza. Pitani nacho pamwamba pa katoni, fumbi likakhala lochindikala mpaka kulembapo dzina, katoniyo yakhalitsa.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa anthu ena amaphunzitsa lini ngati kuti katundu wosungidwa ndi tchimo. Toyota inali ndi opanga zipangizo pafupi ndi mafakitale ake, okhoza kubweretsa kangapo pa tsiku. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere. Katundu wochokera ku Beira, ku Durban kapena ku Dar es Salaam amadutsa pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Songwe, ndipo akhoza kuchedwa masiku ambiri chifukwa cha mapepala, msewu woduka ndi mvula, kapena kusowa kwa ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo amene anali ndi katundu m'depoti anapulumuka kuposa amene anali ndi ndalama kubanki. Wamalonda wosunga katundu wakunja wa miyezi iwiri sindingamutche wowononga. Chimene ndimakana ndi katundu amene palibe angafotokoze chifukwa chake alipo wochuluka chotero. Sopo wopangidwa konkuno, amene mutha kuitanitsa Lolemba n'kufika Lachitatu, alibe chifukwa chokhalira masiku 120. Ndipo amene anawerengera phindu la kutsika mtengo sanawerengere maola 5 okweza shuga kuchokera pansi, nthawi iliyonse lole ikabwera.

## Mapazi a wotola maoda

Kusamutsa ndi kuyenda kwa katundu. Kuyendayenda ndi kwa munthu, ndipo nthawi zambiri amakhala chimanjamanja. M'depoti yathu shuga waikidwa kumapeto, mamita 60 kuchokera pakhomo lotulutsira, chifukwa ndi kumene kunapezeka malo. Pafupi ndi khomo pali sopo uja.

Tengani pepala, mujambule depoti, mutsate mnyamata mmodzi kwa ola limodzi mukulemba mzere paliponse wapita. Chimene chimatuluka chimaoneka ngati sipageti m'mbale, ndipo ndilo dzina limene akatswiri anachipatsa chithunzichi. Mizere ikachindikala kupita kumapeto kwa nyumba, mwapeza vuto. Ngati mnyamatayo amapita kwa shuga ka 40 pa tsiku, ulendo uliwonse mamita 120 kupita ndi kubwera, wayenda mamita 4,800. Shuga atakhala mamita 10 kuchokera pakhomo, angayende mamita 800. Makilomita 4 opulumukawo ndi pafupifupi ola lathunthu kwa munthu wokankha ngolo, ndipo anyamatawo alipo 4.

Posankha zoika pafupi ndi khomo, anthu amalakwitsa poyang'ana mtengo wa katundu. Chofunika ndi kuchuluka kwa maulendo. Tengani maoda a mwezi watha, muwerenge kuti dzina lililonse laonekera kangati. Mudzapeza kuti mayina ochepa, monga shuga, mchere, mafuta ophikira ndi ufa wa tirigu, ndi amene amabwerezedwa pa maoda ambiri. Amenewo akhale pafupi, ndipo olemera akhale pakati pa bondo ndi phewa. Munthu wotola mabelo 300 a makilogalamu 20 kuchokera pansi penipeni wakweza matani 6 ndi msana wake tsiku limenelo. Akamajomba Lachisanu, musathamangire kunena kuti ndi ulesi.

Kufunafuna nakonso kuli m'gulu lomweli, ndipo kumadziwika ndi mawu. Mukamva "Achimwene, tepi ija ili kuti?" kapena "Madala, machesi aang'ono aja munawaika pati?" dziwani kuti malo a katundu ali m'mutu mwa munthu mmodzi. Tsiku limene madalawo apita kumaliro, depoti yonse imayenda mwakhungu. Kanjira kalikonse kakhale ndi chilembo, malo aliwonse nambala, yolembedwa ndi penti pakhoma kapena pansi, ndipo nambala yomweyo ionekere papepala la oda.

## Kutola maoda nthawi isanakwane

Ichi ndi chimene anthu amavutika nacho kwambiri kuchizindikira, chifukwa chimaoneka ngati khama. Ohno ankati kupanga zinthu zisanafunike ndicho choipa kuposa zonse, popeza chimabala zinzake. M'depoti chimabwera motere. Yakwana 2 koloko masana, malole a lero atuluka, anyamata ali chiimire. Kapitawo sakondwa kuona manja ali m'thumba, ndiye akuti atole maoda a mawa ndi a mkuja, a ku Zomba, a ku Mulanje ndi a ku Mangochi.

Malo osonkhanitsira maoda pakhomo lotulutsira amakwana mapaleti 12. Pofika 4 koloko pali mulu wokwana mapaleti 20, wina uli pansi, maoda akhudzana, ena alowa m'kanjira. M'mawa mwake lole yoyamba kufika ndi ya ku Mulanje, koma katundu wake ali kumbuyo kwa wa ku Mangochi. Asuntha wa ku Mangochi. Kenako foni ikulira, kasitomala wa ku Zomba wachepetsa shuga ndi kuwonjezera mchere, ndiye oda yake ikuphwasulidwa. Nthawi yomweyo munthu wabwera ndi ndalama m'manja kufuna mabelo 30, akuuzidwa kuti shuga watha, pamene mabelo 40 a ku Mangochi akhala pakhomo mpaka mawa.

Pepala la belo lathu likupitiriza kudzaza. Lanyamulidwa kupita pangolo, kutsika pansi pakhomo, kusunthidwa kuti a ku Mulanje adutse, kenako kukwera lole. Kuphatikiza ndi ka 5 koyamba kaja, kwakwana ka 9.

Kuchizindikira n'kosavuta mukadziwa choyang'ana. Pa oda iliyonse yotoledwa lembani nthawi ndi choko, ndipo muyerekeze ndi nthawi imene yakwera lole. Ngati maoda akugona pakhomo usiku umodzi kapena iwiri, mukutola msanga. Mankhwala ake ndi mizere ya penti pansi: mabokosi 12, bokosi lililonse paleti imodzi, ndi lamulo lakuti mabokosi akadzaza kutola kuime. Lole yonyamuka 5 koloko m'mawa ndi yokhayo imene ili ndi chifukwa chotoleredwa dzulo lake. Anyamata akasowa chochita 2 koloko, akhoza kuwerenga katundu wa kanjira kamodzi, kukonza mapaleti othyoka, kapena kusendeza katundu wakale kutsogolo.

## Kuwerenga katatu

Ntchito yopitirira muyeso imakonda kukhala m'mapepala. Oda ya ku Mangochi yawerengedwa ndi wotola, yawerengedwanso ndi kalaliki, kenako ndi mlonda pageti, amene akufuna kuti mabelo ena atsitsidwe kuti aone apansi. Manambala omwewo alembedwa papepala la oda, m'buku lalikulu la depoti, m'buku la mlonda ndi mukompyuta. Paleti ina yakulungidwa ndi pulasitiki, yayenda mamita 10, pulasitikiyo yadulidwa chifukwa loleyo ikupakiridwa pamanja.

Kuwerenga kumeneku sikunangoyamba. Kawirikawiri kunayamba tsiku lina katundu atasowa, bwana n'kuwonjezera munthu wina wowerenga. Kuba kulipo ndithu, ndipo sindingauze munthu kuti achotse mlonda. Koma funsani funso limodzi pa kuwerenga kulikonse: mwezi wathawu kwagwira zolakwika zingati? Ngati mlonda sanagwirepo kanthu, mwina akungokopera nambala imene waiona papepala. Pamene owerenga achuluka, aliyense amadalira mnzake, woyamba amati wachiwiri aona, wachiwiri amati woyamba waona kale. Kuwerenga kumodzi kochitidwa ndi munthu amene sanaonetsedwe nambala, amene alemba yekha zimene wapeza kenako n'kuyerekeza ndi invoisi, kumagwira zambiri kuposa kuwerenga katatu kongovomereza. Mapepala amene lamulo limafuna, monga lisiti la msonkho la a MRA, asakhudzidwe. Funsani za mabuku amene munayambitsa nokha, kuti ndani anawatsegula komaliza kufuna kudziwa kanthu.

## Zolakwika, ndi kufunsa chifukwa kasanu

Lole yafika ku Mangochi, pafupifupi makilomita 190 kuchokera ku Blantyre. Mwini golosale wapeza mabelo atatu ophulika, awiri olimba ngati mwala, ndi makatoni 5 a mafuta a malita awiri m'malo mwa a lita imodzi. Wakana kusaina invoisi. Katunduyo abwerera, alandiridwenso, awerengedwenso, mapepala akonzedwe, ndipo wolondola adikire lole ya sabata yamawa. Cholakwa chimodzi chadzutsa zowononga zina zonse 6.

Zolakwika za m'depoti zili ndi magwero odziwika. Katundu wofanana maonekedwe akaikidwa moyandikana, wotola wotopa amasokoneza, choncho malita awiri ndi lita imodzi asakhale pamalo ogundizana. Shuga, mchere ndi simenti zikakhala pansi popanda paleti kapena kutsamira khoma, zimakoka chinyezi, makamaka nyengo ya mvula. Katundu watsopano akaikidwa kutsogolo kwa wakale chifukwa ndi kumene kuli pafupi, wakaleyo amathera tsiku kumbuyo. Pa zinthu monga mkaka wa ufa ndi majalini, choyamba kutuluka chikhale chimene tsiku lake lili pafupi kutha, ngakhale chitafika pambuyo, ndipo tsikulo lilembedwe ndi zilembo zazikulu pambali ya paleti imene wodutsa amaiona.

Ambiri akaona mabelo ophulika amafuna dzina la munthu woti amudule malipiro. Ohno ankaphunzitsa kufunsa "chifukwa chiyani" kasanu. Tiyese pa mabelo athu. Aphulika chifukwa chiyani? Pulasitiki yake inang'ambika pokwezedwa ndi kutsitsidwa kambirimbiri. Ananyamulidwa kambiri chifukwa chiyani? Anayamba atsitsidwa pansi, kenako anakhala m'kanjira, kenako anasunthidwa pakhomo. Anatsitsidwa pansi chifukwa chiyani? Kunalibe mapaleti, ndipo malo a shuga anali odzaza. Mapaleti ndi malo zinapita kuti? Zinatengedwa ndi makatoni 2,400 a sopo. Sopo anagulidwa wochuluka chotero chifukwa chiyani? Wogula katundu amayamikiridwa akapeza mtengo wotsika, ndipo palibe lamulo lomuuza kufunsa kudepoti ngati malo alipo asanaitanitse. Ganyu amene belo linamuphulikira m'manja anali munthu womaliza pa mzere umene unayambira muofesi miyezi iwiri kumbuyo.

Kuti muone zimenezi, pachikani pepala pakhomo lotulutsira lokhala ndi mizere 5: wosiyana ndi oda, woperewera, wophulika, wonyowa, wotha tsiku. Cholakwa chilichonse chilembedwe kamzere kamodzi pamodzi ndi dzina la katundu, popanda dzina la munthu. Pakatha milungu iwiri mzere umodzi udzakhala wotalika kuposa ina, ndipo mudzayambire pamenepo.

## Nkhani ya aganyu

Pali mfundo imene ophunzitsa lini amakonda kuilumpha. M'madepoti ambiri aganyu amalipidwa pa thumba kapena pa belo limene anyamula. Kwa iwo, kukweza shuga kuchokera pansi madzulo ndi ndalama ya ndiwo. Mukachotsa kunyamula kowonjezera, mwachotsa gawo la malipiro awo, ndipo iwo amadziwa zimenezi musanamalize kulankhula. Wotola maoda naye akaona kuti ola lake lopulumuka lachititsa kuti mnzake achotsedwe ntchito, sadzakuonetsaninso njira yachidule ngakhale imodzi. Komatu anthu amenewa ndi amene amadziwa paleti imene imasunthidwa tsiku lililonse, ndi katoni imene imasokoneza aliyense.

Ine ndimaona kuti nkhani ya malipiro iyenera kukambidwa pepala lisanamatidwe pabelo. Njira ina ndi kulipira gulu pa lole imene yamalizidwa, katundu ali pamalo pake wosaphulika, m'malo molipira pa kunyamula kulikonse. Khomo likayamba kulandira malole 5 pa tsiku pamene linkalandira atatu, ndalama ya gulu sitsika, ndipo misana imapuma.

## Choyamba kukonza m'depoti yathu

Pa zonse 7, depoti yathu isayambe ndi kugula fokolifiti yachiwiri, ngakhale kuti ndicho chimene kapitawo adzapemphe. Fokolifiti yachiwiri ingangofulumizitsa kusuntha mapaleti amene sanayenera kusunthidwa. Iyambe ndi sopo. Asaitanitsenso wina, ndipo wogulitsa wa kutsogolo apatsidwe mtengo woti atulutsire makatoni 1,800, kutsale 600, amene ndi a masiku 30. Pamenepo pamasuka mapaleti 30 ndi malo 30 pafupi ndi khomo, okwanira ndendende lole imodzi ya shuga. Sabata yomweyo kalaliki aimbire otumiza katundu atatu aja, wa mchere abwere 7:30, wa mafuta 10 koloko, wa shuga 1 koloko masana, ndipo mapepala a lole iliyonse akonzedwe dzulo lake. Mabokosi 12 ajambulidwe pakhomo lotulutsira.

Pakatha mwezi, sankhani belo lina mulole ya shuga, mulilembe chizindikiro chofiira, mumatepo pepala latsopano. Ngati labwera ndi mizere 5 kapena 6 m'malo mwa 9, yang'anani mzere wowonjezerawo, muone ola lake ndi malo ake, ndipo mawa lake mukaime pamalopo ola lomwelo.